Malangizo: Kalembedwe ka imelo yopempha kusintha mutu wa kafukufuku

Namondwe wa Freddy atawomba chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, anthu oposa 500,000 anasowa pokhala, milatho inakokoloka, ndipo ngalande za m'masikimu ambiri a ulimi wothirira m'chigwa cha Shire zinakwiririka ndi mchenga. Wophunzira wa digiri ya masitazi amene anali atakonzeka kukacheza ndi alimi kumeneko akanangotsala ndi mapepala a mafunso m'manja. Malangizo awa ndi a munthu amene zamuchitikira zotere ndipo akufuna kulembera supavaiza wake. Titsatira chitsanzo chimodzi chongoyerekeza: mtsikana wophunzira za chuma cha ulimi ku Bunda, amene anakonza zofunsa alimi 240 m'masikimu awiri, ina ku Chikwawa ina ku Nsanje, kuti aone ngati mabanja othirira amakhala ndi chakudya chokwanira kuposa odalira mvula.

1. Tsimikizani kuti ntchito yakanikadi, si kuti yangochedwa.

Funso loyamba la supavaiza lidzakhala lakuti, "Bwanji osangodikira miyezi iwiri?" Konzeranitu yankho. Kuduka kwa msewu pakokha si chifukwa chosinthira mutu, poti msewu amakonza. Chifukwa chomveka n'chakuti chinthu chimene mumafuna kukayeza palibenso. M'chitsanzo chathu, ngakhale galimoto itafika kusikimu, palibe amene akuthirira, ndiye kufananiza othirira ndi osathirira sikungatheke chaka chimenecho. Alimi amene anawasankha mwamaere kuchokera m'kaundula wa sikimu abalalikira m'misasa komanso kwa achibale. Palinso vuto lina lomwe ambiri saliona msanga: munthu wa mumsasa akaona mlendo wanyamula pepala n'kumafunsa za chakudya, amaganiza kuti akulemba maina a chithandizo, ndipo mayankho ake amatsata chiyembekezo chimenecho. Sitingamudzudzule, koma manambala otere sangathandize wofufuza.

Pezani umboni wapafupi: imbirani mlangizi wa zaulimi wa dera limenelo kapena ofesi ya zaulimi ya paboma, mufunse kuti sikimu ikuyembekezeka kuyambanso liti. Kenako yerekezani tsikulo ndi nthawi imene yakutsalirani pasukulu. Ngati mwatsala ndi miyezi isanu ndi iwiri, pomwe ngalande sizikonzedwa msanga, mwapeza chiganizo chofunika kwambiri cha imelo yanu.

2. Sinthani zochepa momwe mungathere.

Musanataye mutu wonse, yesani kaye kusintha malo okha, mwachitsanzo kupita kusikimu ya ku Salima kapena Karonga. Zikakanika, yesani kusintha njira yokha, monga kufunsa palamya. Mtsikana wathu anayesa zonse ziwiri. Malo atsopano amafuna kaundula wina, chilolezo china ndi ndalama zaulendo zimene analibe. Kufunsa palamya kukanasiya kunja mabanja osauka kwambiri, amene ambiri alibe foni, pomwe ndiwo eni nkhani ya chakudya. Mu imelo, zoyesa zimenezi zitenge mizere iwiri yokha, koma zisasowe.

3. Deta yatsopano ikhale m'manja musanalembe kalata.

Apa ndi pamene mapempho ambiri amagwera. Wophunzira amalemba kuti "ndigwiritsa ntchito deta yomwe ilipo kale" asanaitsegule n'komwe. Supavaiza akavomera, pakapita mwezi wophunzirayo amapeza kuti funso limene amafuna silinafunsidwe, ndipo amabweranso ndi pempho lachiwiri.

Mtsikana wathu anayang'ana kafukufuku wa m'makomo wa IHS5, amene ofesi ya boma yoona za chiwerengero, ya NSO ku Zomba, inachita kuyambira mu Epulo 2019 mpaka mu Epulo 2020, ndipo inafikira mabanja oposa 11,000 m'dziko lonse. Deta yake imapezeka kwaulere pa Microdata Library ya Banki Yaikulu Padziko Lonse, mukalembetsa ndi kufotokoza cholinga chanu. Musayambe ndi manambala: yambani kuwerenga pepala la mafunso lenilenilo, muone mmene funso lililonse linafunsidwira.

Poyamba iye anafuna kusunga funso lake la ulimi wothirira. Atawerenga mabanja, anapeza kuti boma lililonse lili ndi mabanja mazana ochepa chabe, ndipo othirira a ku Chikwawa ndi Nsanje ndi ochepa kwambiri moti sangawafananize ndi anzawo. Malo enieni a midzi nawonso amasunthidwa dala m'deta yapoyera pofuna kuteteza anthu ofunsidwa, choncho sakanatha kuloza kuti banja ili ndi la sikimu yakutiyakuti. Mutu wakale unathera pamenepo.

Koma m'pepala lomwelo muli gawo lofunsa mavuto amene anagwera banja m'mbuyomo, kuphatikizapo madzi osefukira, ndi zimene banjalo linachita kuti lipirire. Mulinso gawo la chakudya chimene banja linadya m'masiku asanu ndi awiri apitawo. Kafukufukuyu anayamba patangopita mwezi umodzi chichitikire kusefukira kwa madzi kwa mu Malichi 2019, nthawi ya namondwe wa Idai. Mutu watsopano unatuluka pamenepo: kusefukira kwa madzi ndi chakudya cha pabanja m'maboma a kummwera.

Zofooka za deta yatsopanoyo muzitchule nokha, asanakuuzeni ndi ena. Pano zilipo ziwiri. Mabanja anafunsidwa miyezi yosiyana, ena atangokolola mu Meyi, ena mu Januwale nkhokwe zili gwaa, ndiye mwezi wofunsira uyenera kulowa m'kawerengedwe, apo ayi njala ya nyengo mudzaiyesa ya madzi osefukira. Chachiwiri, banja lililonse linafunsidwa kamodzi, choncho mutha kunena kuti zinthu ziwirizi zikuyendera limodzi, koma simunganene motsimikiza kuti china chinayambitsa chinzake. Cholinga chanu chatsopano chilembedwe mogwirizana ndi malire amenewa.

4. Konzani ndondomeko ya machaputala yoonetsa zotsala ndi zosintha.

Ikhale ya tsamba limodzi kapena awiri, yotumizidwa pamodzi ndi imelo. Pamwamba lembani mutu wakale ndi watsopano, kenako zolinga zatsopano zosapitirira zitatu. Pa chaputala chilichonse nenani zimene zichitike ndi tsiku loperekera. Ya mtsikana wathu inali yotere:

Chaputala 1, chiyambi: vuto la kusowa kwa chakudya m'chigwa cha Shire likhala momwemo, zolinga ndi mafunso zilembedwanso. Kumapeto kwa Meyi.

Chaputala 2, zimene ena analemba: gawo la kayezedwe ka chakudya cha pabanja litsala lonse, la ulimi wothirira lichoka, m'malo mwake mulowa la madzi osefukira ndi njira zopiririra. Kumapeto kwa Juni.

Chaputala 3, njira za kafukufuku: chilembedwanso chonse. Pakati pa Julayi.

Chaputala 4 ndi 5, zotsatira ndi kukambirana: Ogasiti ndi Seputembala.

Kupereka buku lonse: Okutobala, monga zinaliri poyamba.

Mzere womalizawu ndi umene supavaiza amauyang'ana kwambiri. Ngati tsiku lomaliza lisuntha, nenani poyera kuti ndi miyezi ingati, chifukwa kuwonjezera nthawi kumakhala ndi fomu yake ndipo nthawi zambiri kumafuna fizi ina.

5. Lembani imelo yaifupi yokhala ndi pempho limodzi.

Ambiri mudzailemba m'Chingerezi, koma zokhalamo ndi zomwezi. Pempho lionekere pamzere wa mutu ndi m'ndime yoyamba, poti a supavaiza ambiri amawerenga pafoni ali pakati pa misonkhano. Musafotokoze za namondwe ngati kuti iwo sanamve. Musapepese kambirimbiri, simunagwetse mvula ndinu.

Mutu: Pempho losintha mutu wa kafukufuku wanga wa masitazi

Olemekezeka a Dokotala,

Ndikupempha chilolezo chanu kuti ndisinthe mutu wa kafukufuku wanga, chifukwa ntchito ya kumudzi imene munavomereza siingathekenso m'nthawi imene yanditsalira.

Masikimu onse awiri anawonongeka ndi madzi mu Malichi. Alangizi a kumeneko andiuza kuti kuthirira sikuyambanso chaka chino, ndipo alimi ambiri a pamndandanda wanga ali m'misasa. Ndinaganizira zosamukira kusikimu ina komanso zofunsa palamya, koma yoyambayo ikufuna ndalama zimene ndilibe, ndipo yachiwiriyo isiya kunja mabanja opanda foni.

Ndikuganiza zofufuza mgwirizano wa kusefukira kwa madzi ndi chakudya cha pabanja m'maboma a kummwera, pogwiritsa ntchito IHS5. Deta ndatenga kale ndipo ndaona kuti mafunso ofunikira alimo. Ndikudziwa kuti siingandilole kunena za chimene chinayambitsa chinzake, ndipo zolinga ndazilemba moganizira zimenezo. Pafupifupi theka la machaputala awiri oyamba likhala momwemo, ndipo tsiku lomaliza la mu Okutobala silisintha.

Ndaphatikiza ndondomeko yatsopano ya machaputala. Ngati kungatheke, ndikupempha mphindi 20 sabata ino kapena yamawa kuti mundiwongolere. Ndikupemphanso mundiuze ngati pulopozo yatsopano iyenera kupitanso ku dipatimenti.

Ine wophunzira wanu,
dzina, nambala ya kusukulu ndi ya foni.

Taonani kuti akuti "ndikuganiza zofufuza", osati "ndasintha". Mutu unavomerezedwa ndi dipatimenti, ndipo wophunzira sangausinthe payekha. Ngati muli ndi masupavaiza awiri, imelo ipite kwa onse nthawi imodzi, wamkulu dzina lake litsogole. Kuuza mmodzi mobisa kumabala mkangano umene umakuchedwetsani inuyo.

6. Kumbukirani komiti ya chilolezo ndi eni ndalama.

Chilolezo chimene munalandira ku komiti yowunika kafukufuku, kaya ya pasukulu panu, kaya ya NCRSH imene ili pansi pa NCST, chinali cha pulopozo yakale. Kusintha malo, anthu ofunsidwa kapena njira kumafuna kuti mubwererenso kukomitiko. Ngakhale deta ili yapoyera ndipo mulibe maina, amene anganene kuti simukufunika chilolezo china ndi komiti, osati inu. Sungani kalata yawo, idzafunika pamapeto.

Ngati wina akukulipirirani, werengani pangano lanu. Mabungwe ena amapereka ndalama chifukwa cha mutu weniweniwo, monga ulimi wothirira, ndipo sangalipire wina. Lembani zimene munawononga kale, monga kusindikiza mapepala ndi alawansi ya ofunsa mafunso amene munawaphunzitsa, musunge malisiti, ndipo mufunse chochita ndi zotsala. Eni ndalamawo muwalembere supavaiza atavomera, osati asanavomere.

7. Akachedwa kuyankha kapena akakana.

Pakatha sabata, tumizani chikumbutso cha mizere iwiri pansi pa imelo yomweyo, kapena pitani kuofesi mutanyamula ndondomeko yosindikiza. Akakana, funsani chimene chawavuta: ndi deta, ndi mutu, kapena ndi nthawi? Kawirikawiri chimakhala chimodzi ndipo chimakonzeka. Mukagwirizana pakamwa kapena pa WhatsApp, tsiku lomwelo lembani imelo yofotokoza zimene mwagwirizana, muwapemphe ayankhe kuti zili choncho. Musayambe kulemba Chaputala 3 chatsopano musanalandire yankho lolembedwa limenelo.