Phunziro kwa Alembi: Kufupikitsa Lipoti Osataya Mfundo

Alembi a makomiti a m'madoko, kumbukirani kuti mlangizi wa za usodzi amawerenganso malipoti a madoko ena. Lipoti likachuluka mawu, mfundo yofunika imabisala ndipo yankho limachedwa. Tiyeni tione ndime iyi ngati chitsanzo:

"Ife a komiti tafuna kukudziwitsani kuti pa tsiku la pa 12 Novembala m'mawa kutacha tinapita kukachita ntchito yoyendera doko lathu. Titafika kumeneko kudokoko tinapeza asodzi atatu akuwedza ndi ukonde woletsedwa umene suloledwa, womwe ndi neti ya udzudzu. Anthu akuti neti imeneyi mwini wake ndi wa mudzi wina. Komiti inagwirizana ndi kumanga mfundo imodzi yakuti tilande netiyo, ndipo tinailanda n'kukaisiya kwa amfumu. Nkhaniyi sinaweruzidwe mpaka pano kufikira lero."

Mawu ochotsa

Yambani ndi mawu ongotsegulira nkhani. "Tafuna kukudziwitsani kuti" sakuwonjezera kanthu, chifukwa ntchito ya lipoti ndiyo kudziwitsa.

Kenaka funani mawu awiri onena chinthu chimodzi, ndipo musiye amodzi. "M'mawa" ndi "kutacha" n'chimodzimodzi. Ukonde "woletsedwa" ndi womwewo "umene suloledwa", ndipo mukangotchula neti ya udzudzu, mlangizi akudziwa kale kuti njoletsedwa chifukwa imakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe.

Pomaliza wongolani mawu ozungulira. M'malo mwa "tinapita kukachita ntchito yoyendera", lembani "tinayendera".

Ndime ija tsopano ikhala motere:

"Pa 12 Novembala m'mawa tinayendera doko lathu ndipo tinapeza asodzi atatu akuwedza ndi neti ya udzudzu. Anthu akuti mwini wake ndi wa mudzi wina. Komiti itagwirizana, tinalanda netiyo n'kukaisiya kwa amfumu. Nkhaniyi sinaweruzidwe."

Mawu osachotsa

Mawu ena ndi aafupi koma ndi olemera. Mukachotsa "anthu akuti", mphekesera yasanduka umboni wa komiti, ndipo mungayambanitse midzi iwiri pa nkhani imene simunaione ndi maso. Mukachotsa "komiti itagwirizana", zioneka ngati anthu ochepa analanda katundu wa mnzawo mwa okha. Mukasiya "sinaweruzidwe", mlangizi aganiza kuti mlandu unatha ndipo sabwera. Musachotsenso tsiku, malo, chiwerengero cha anthu, mtundu wa ukonde ndi kumene katundu wolandidwa akusungidwa.

Kuyesa lipoti

Musanatumize, werengerani wapampando kapena membala amene panalibe tsikulo lipoti lalifupilo. Mufunseni kuti: chinachitika n'chiyani, liti, kuti, anachita ndani, ndipo chatsala n'chiyani? Akalephera funso limodzi, mwadula mopitirira, bwezeranipo mfundoyo.

Pa msonkhano wotsatira wa komiti, tengani lipoti la mwezi watha, mudule mzere pa mawu onse obwereza, kenaka muliyese ndi mafunso asanuwa.