Kulemba Ndalama za Magetsi Kumapeto kwa Mwezi Bilu Isanafike: Mafunso ndi Mayankho

N'chifukwa chiyani ndalama za magetsi zimalembedwa m'mabuku bilu isanafike?

Mabuku a bizinesi amatsata mfundo yakuti chilichonse chimene chagwiritsidwa ntchito chilembedwe m'mwezi umene chagwira ntchitoyo, osati m'mwezi umene kalata yolipiritsa yafika kapena umene ndalama zatuluka. Magetsi amene ayendetsa makina m'mwezi wa Juni ndi amene abweretsa malonda a Juni, choncho akasiyidwa, phindu la mweziwo limaoneka lalikulu kuposa mmene lilili ndipo ngongole za bizinesi zimaoneka zochepa. Ngongole yotere, ya chinthu chimene chagwiritsidwa kale ntchito koma bilu yake sinafike, ndi imene maakauntanti amaitcha accrual.

Kodi zimenezi zimakhudza aliyense wogwiritsa ntchito magetsi?

Ayi, zimakhudza okhawo amene amalipira atagwiritsa kale ntchito. Bizinesi imene imagula mayunitsi a ESCOM pasadakhale ilibe ngongole imeneyi, ndipo mayunitsi otsala m'mita pakutha pa mwezi amawerengedwa ngati ndalama zolipiriratu.

Popeza bilu palibe, chiwerengero chimachokera kuti?

Njira yodalirika ndi kuwerenga mita tsiku lomaliza la mwezi uliwonse. Mwachitsanzo, fakitale yophika buledi imene mita yake inkaonetsa 48,200 pa 31 Meyi ndipo ikuonetsa 51,200 pa 30 Juni yagwiritsa ntchito mayunitsi 3,000; ngati mtengo wa pa bilu yapitayo unali K250 pa yunitsi, mtengo umene wangoikidwa pano pofuna kuonetsa kawerengedwe, ngongole ya Juni ndi K750,000. Kumene mita siwerengedwa, akauntanti amatenga mabilu a miyezi itatu yapitayo n'kupeza chiwerengero chapakati, koma njira imeneyi imasocheretsa m'mwezi umene magetsi anazimazima kwambiri, umene kunabwera uvuni watsopano, kapena umene bungwe la MERA lavomereza mitengo ina. Bizinesi yolembetsedwa pa msonkho wa VAT imasiya msonkhowo kunja kwa chiwerengerochi, chifukwa umadzalembedwa padera bilu ikafika.

Zimalembedwa motani mu leja?

Pa 30 Juni akaunti ya ndalama zowonongedwa pa magetsi imalandira debiti, kutanthauza kuti zowonongedwa zakwera, ndipo akaunti ya ngongole zosafika bilu imalandira kirediti, kutanthauza kuti ngongole yakwera:

```
Dr Electricity expense   750,000
Cr Accrued expenses      750,000
```

Ku banki sikuchoka ngakhale tambala. Ngongoleyi siiikidwanso mu akaunti ya ESCOM ya mu leja ya okongoza, popeza mmenemo mumalowa zokhazo zimene zili ndi bilu.

Nanga bilu ikafika ndi chiwerengero china?

Pa 1 Julayi zimene zinalembedwa zija zimatembenuzidwa: ngongole zosafika bilu zimalandira debiti ya K750,000, akaunti ya magetsi n'kulandira kirediti yofanana. Bilu ikafika pa 12 Julayi ikunena K790,000 msonkho usanawonjezedwe, imalembedwa yonse monga bilu ina iliyonse, debiti ku magetsi ndi kirediti ku akaunti ya ESCOM. Zotsatira zake n'zakuti pa magetsi a Juni, mwezi wa Julayi umangosenza K40,000, yomwe ndi kusiyana kwa kuyerekeza ndi bilu yeniyeni. Mabuku a Juni satsegulidwanso chifukwa cha kusiyana kotereku, pakuti kuyerekeza kochitidwa mosamala sikulakwitsa ayi, ngakhale kuphonye pang'ono.

Cholakwika chofala n'chiti, ndipo chimadziwika bwanji?

Chofala kwambiri ndi kuiwala kutembenuza kuja. Zikatero magetsi a Juni amawerengedwa kawiri, koyamba mu Juni ngati K750,000 ndipo kachiwiri mu Julayi ngati K790,000, pamwamba pa magetsi a Julayi weniweniyo. Chizindikiro chake chimaoneka mu akaunti ya ngongole zosafika bilu, imene imangokula mwezi ndi mwezi pamene mabilu onse akulipidwa, chonsecho imayenera kukhala ndi magetsi okhawo amene bilu yake sinafike.

Cholakwika china, chobisika kuposa choyambacho, chimabwera pamene masiku a bilu sakugwirizana ndi masiku a mwezi. Ngati bilu yomaliza inafika n'kulembedwa kale, ndipo inathera pa kuwerenga mita kwa pa 20 Juni, chofunika kuyerekeza ndi magetsi a masiku 10 otsalawo basi, pafupifupi mayunitsi 1,000 kapena K250,000 m'chitsanzo cha fakitale ija. Akauntanti amene walemba K750,000 yonse osayang'ana tsiku limene mita inawerengedwa pa biluyo wawonjezera K500,000 pa zowonongedwa za Juni.