Phunziro 9: Kalata Yochenjeza Mmisiri Amene Wathawa Ntchito Yomanga

Nthaka yonse m'Mozambiki ndi ya Boma, koma nyumba, nkhokwe kapena khola limene mwamanga pa malo anu ndi lanu. Vuto limabwera pamene chomangidwacho chaima pakati, ndalama zitapita kale. Lamulo la nthaka la 1997 linapatsa nzika za dziko lino zaka 5 zokwaniritsira zimene zinalonjeza popempha DUAT ku Boma. Choncho ngati bungwe lanu linapeza malo mwa njira yopempha, khoma losatha lingaike pangozi ndalama ndi malo omwe. Malo a makolo alibe malire a zaka amenewa, komabe ndalama zotayika zimapweteka chimodzimodzi.

Tiyerekeze kuti bungwe lanu la alimi kufupi ndi Ulongwe linagwirizana ndi mmisiri kuti amange nyumba yosungiramo chimanga ndi soya pa mtengo wa metikali 400,000. Mwalipira kale 320,000. Iye wamanga maziko ndi makoma kufika pa mawindo, kenaka wasowa. Foni sayankha, ndipo mvula yayandikira.

Musathamangire kulemba mmisiri wina

Ambiri amalakwa pamenepa. Mtima ukawawa, amaitana mmisiri wina mawa lake lomwe. Koma malinga ndi buku la malamulo a mapangano, Kodigo Sivili, mmisiri amene wachedwa sanafike pa kuswa pangano kotheratu; akadali ndi mwayi wobwerera. Ndime 1229 imalola mwini ntchito kuimitsa ntchito nthawi iliyonse, koma amayenera kulipira mmisiriyo zimene anawononga, thukuta lake, ndi phindu limene akanapeza. Mukalowetsa munthu wina osachenjeza woyambayo, iye anganene kubwalo kuti sanathawe, munam'chotsa ndinu. Pamenepo olakwiridwa amasanduka angongole.

Njira yotseka mpata umenewu ili mu ndime 808. Mumam'patsa nthawi yomaliza yokwanira kuti atsirize ntchito. Nthawiyo ikadutsa osachita kanthu, lamulo limatenga kuti walephera kotheratu, ndipo ndime 801 imakulolani kuthetsa pangano, kuitanitsa ndalama zanu ndi chipukutamisozi. Ntchito yeniyeni ya kalatayi ndi imeneyi, osati kukalipa.

Pangano la pakamwa nalonso ndi pangano. Kusowa kwa pepala losainirana kusakufooketseni. Kumangotanthauza kuti mboni ndi malisiti zikhala ndi ntchito yaikulu.

Musanalembe

Sonkhanitsani malisiti, mauthenga a M-Pesa, ndi kaundula wa msungichuma wa bungwe. Jambulani zithunzi za chomangidwacho mbali zonse. Kenaka itanani mmisiri wina wodziwika, kapena wa ntchito zomanga ku ofesi ya boma, adzayeze ntchito yachitikayo ndi kulemba mtengo wake, mfumu ndi mboni ziwiri zilipo. Wabwera kudzayeza basi, asakhudze njerwa.

Tinene kuti wapeza kuti ntchitoyo ndi ya metikali 180,000. Ndalama zimene mmisiri wothawa akusunga popanda ntchito ndi 320,000 kuchotsa 180,000, kutsala 140,000. Musaitanitse 320,000 yonse, popeza maziko ndi makoma zatsala m'manja mwanu. Kalata yokokomeza imapatsa mnzanuyo potsutsira.

Chitsanzo cha kalata

Ulongwe, 2 Sepitembala 2024

Kwa Bambo (dzina lonse, dzina la kampani ngati ilipo, ndi kumene amakhala)

Bambo,

Pa 6 Meyi 2024 tinapangana nanu kuti mumange nyumba yosungiramo mbewu ya mamita 12 m'litali ndi 8 m'lifupi pa malo a bungwe lathu, pa mtengo wa metikali 400,000, ndi kuti mutsirize pofika pa 31 Julayi 2024. Tinakulipirani 200,000 pa 6 Meyi ndi 120,000 pa 14 Juni; makope a malisiti tawaika pamodzi ndi kalata ino.

Kuyambira pa 28 Juni simunaonekenso pa ntchito. Makoma aima pa mawindo. Denga, zitseko, pansi ndi pulasitala sizinachitike. Ntchito imene ilipo yayezedwa ndipo mtengo wake ndi metikali 180,000.

Tikukupemphani kuti muyambirenso ntchito pasanafike pa 12 Sepitembala ndi kuitsiriza pofika pa 25 Okutobala 2024. Iyi ndi nthawi yomaliza. Ikadutsa ntchito isanathe, tidzatenga kuti mwalephera kotheratu malinga ndi ndime 808 ya Kodigo Sivili, tidzathetsa pangano, tidzapereka ntchitoyi kwa wina, ndipo tidzaitanitsa kubwalo la milandu metikali 140,000 pamodzi ndi zina zonse zimene tataya chifukwa cha inu.

Ndife,
(wapampando ndi mlembi wa bungwe)

Onani bwino ndime yachitatu ya kalatayi, pakuti mphamvu yonse ili m'menemo. Muli tsiku lenileni, osati mawu akuti "msanga" kapena "mvula isanagwe". Muli chimene chidzachitike tsikulo likadutsa. Ndipo nthawiyo ndi yotheka: denga ndi pulasitala sizingathe m'masiku 3, ndipo woweruza angakane nthawi yofupika motero ponena kuti inali msampha chabe. Funsani mmisiri woyeza uja kuti ntchito yotsalayo imafuna masabata angati, muwonjezerepo pang'ono.

Musaikemo mawu achipongwe kapena oopseza. Kalatayi mukulembera mmisiri, koma amene adzaiwerenge mofatsa ndi woweruza. Chifukwa mabwalo a Boma amagwira ntchito m'Chipwitikizi, lembani kalatayo m'zilankhulo zonse ziwiri, motsatira tsamba la Chipwitikizi la phunziro lino.

Kupereka kalata

Kalata imene simungatsimikize kuti inafika ili ngati sinalembedwe. Konzani makope awiri. Anthu awiri a bungwe apite nayo kwa mwini wake, iye asaine ndi kulemba tsiku pa kope lanu. Akakana, mboni zilembe pa kopelo tsiku, malo, ndi kuti anakana kusaina. Ndi bwino kudzera kwa mfumu kapena mlembi wa dera limene akukhala, chifukwa munthu amene amazemba alimi sazemba kwao kumene ali ndi banja. Tumizaninso chithunzi cha kalatayo pa foni yake, musunge uthengawo. Akapitiriza kubisala, bwalo la milandu la boma lingathe kum'patsa chidziwitsocho kudzera mwa wantchito wake. A IPAJ, ofesi ya Boma yothandiza osauka pa milandu popanda malipiro, angakulembereni pempho lake.

Nthawi ikadutsa

Amisiri ena amabwerera akaona kalata, koma ndi pempho la ndalama zina "zogulira malata". Musapereke. Zotsala 80,000 zilipiridwe ntchito ikaoneka ndi maso. Akapempha masiku ena ndipo mwavomera, lembani tsiku latsopanolo, asaine.

Akapanda kubwera, lembani kalata yachiwiri yaifupi yonena kuti pangano latha, ndipo muipereke mwa njira yomweyo. Jambulaninso zithunzi mmisiri watsopano asanayambe, ndipo sungani malisiti ake onse. Njerwa ndi simenti zimene zalowa kale m'khoma ndi zanu, monga ikunenera ndime 1212. Wilibala, mafosholo ndi matabwa okwerapo ndi zake. Zilembeni pamaso pa mboni, muzisunge, musazigulitse.

Bwalo la m'mudzi, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1992, lingakuyanjanitseni ngati iye avomera kubwera, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe, ndi masiku obwezera ndalama. Koma mphamvu yolanda katundu wa wangongole ili ndi bwalo la milandu la boma. Popita kumeneko tengani makalata onse awiri, malisiti, zithunzi, pepala la mmisiri woyeza, ndi chikalata chosonyeza amene ali ndi udindo woimira bungwe lanu.