Kyutekisi, Asetoni ndi Kasamalidwe ka Zikhadabo

Ambirife penti wa zikhadabo timangomutchula kuti kyutekisi, posatengera kuti wapangidwa ndi kampani iti. Monga wophunzira za zilankhulo, ndimachita chidwi ndi mbiri ya liwuli. Linachokera ku dzina la malonda lakuti Cutex, limene Northam Warren wa ku America anapatsa mankhwala ake mu 1911. Mankhwalawo sanali penti, koma ochotsera kakhungu ka m'tsinde mwa chikhadabo. Penti wamadzimadzi wa dzina lomweli anabwera mu 1917. M'nkhani ino ndifotokoza mmene pentiyu amachokera pa chikhadabo, kusiyana kwa mankhwala awiri omuchotsera, ndi chifukwa chake kakhungu kaja sikayenera kudulidwa. Mfundo yanga ndi yakuti chimene chimawononga kwambiri zikhadabo si mtundu wa mankhwala, koma kachotsedwe kake.

Mmene kyutekisi amaumira

Chikhadabo chinapangidwa ndi keratini, yemwenso amapanga tsitsi, ndipo ali m'timagawo topyapyala tosanjikizana. Timagawoti timasunga madzi ndi mafuta pang'ono, n'chifukwa chake chikhadabo chabwino chimapindika osathyoka. Chimamera kuchokera pansi pa khungu la m'tsinde, ndipo cha kumanja chimakula pafupifupi mamilimita 3 pa mwezi. Choncho chikawonongeka kufikira m'tsinde, pamatenga miyezi pafupifupi 6 kuti chatsopano chifike kunsonga.

Kyutekisi wamba ndi utomoni wotchedwa naitiroselulozi umene amausungunula m'mankhwala ouluka msanga. Munthu akapaka, mankhwalawo amauluka, utomoni n'kutsala utauma. Ndiye kuti kuchotsa kyutekisi ndi kungosungunulanso utomoniwo. Jelo, amene amapaka m'masaluni, ndi wosiyana. Iye sauma ndi mpweya, koma amalimba akawalitsidwa ndi nyale yapadera, ndipo tizigawo take timalumikizana ngati ukonde. Ukondewu susungunuka. Umangofufuma ndi kutayana ndi chikhadabo ukanyowetsedwa nthawi yokwanira.

Asetoni ndi mankhwala opanda asetoni

Asetoni ndi wamphamvu ndiponso wachangu. Amawira pa madigiri 56 okha, n'chifukwa chake chala chimazizira akachikhudza, ndipo botolo losatseka limaphwa msanga. Vuto lake ndi lakuti amachotsanso mafuta a pakhungu ndi pa chikhadabo, moti chala chimatuwa ngati chagwira ufa. Amayakanso msanga, choncho si bwino kumugwiritsa ntchito pafupi ndi kandulo, koloboyi kapena mbaula. Akatayikira pa mipando yopakidwa vanishi kapena pa mapulasitiki ena, amawononga.

Mabotolo ena amalembedwa kuti mulibe asetoni, ndipo ogula ambiri amamva ngati akuti mulibe chovulaza. Komatu mawuwo akungotchula chimene mulibe, sakunena chimene chilimo. Kawirikawiri mumakhala ethayilo asiteti, amene amawira pa madigiri 77. Nayenso amaumitsa khungu, kungoti pang'onopang'ono. Popeza mphamvu yake ndi yochepa, munthu amapukuta nthawi yaitali, ndipo kukhula kumeneko kukhoza kuvulaza kuposa asetoni wa kanthawi kochepa.

Kusankha kwake kuli motere. Pa kyutekisi wamba wa mtundu wosada, makamaka ngati khungu ndi louma kale, mankhwala opanda asetoni ndi okwanira. Ndi oyeneranso pochotsa penti pamwamba pa zikhadabo zoikirira, poti asetoni amazifewetsa. Koma pa penti wa tinthu tonyezimira ndi pa jelo pamafunika asetoni. Mulimonsemo, thonje lonyowa liyenera kukhala pa chikhadabo masekondi 20 kapena 30 musanapukute, ndipo mupukute kulowera kunsonga.

Chitsanzo: kuchotsa jelo kunyumba

Tiyerekeze kuti mtsikana wina anapakitsa jelo pokonzekera chinkhoswe, ndipo papita milungu 3. M'tsinde mwaoneka mpata wa mamilimita pafupifupi 2, ndipo m'mbali jelo wayamba kutukuka. Apa ndi pamene ambiri amayesedwa kuti amatule ndi mano. Akatero, jelo amachoka limodzi ndi timagawo ta pamwamba ta keratini. Chikhadabo chimatsala chopyapyala, chokhakhala ndi cha mawanga oyera, ndipo palibe mafuta amene angabwezeretse zimene zachokazo. Adzangodikira miyezi kuti chikule.

Njira yoyenera ndi iyi. Choyamba apale pamwamba ndi fayilo mpaka kunyezimira kuthe, kuti asetoni apeze polowera, koma asafike pa chikhadabo chenicheni. Kenaka apake vaselini pa khungu lozungulira. Adule thonje lofanana kukula ndi chikhadabo, alinyowetse ndi asetoni, aliike pamwamba, ndipo akulunge chala ndi pepala la aluminiyamu kuti asetoniyo asauluke. Adikire mphindi 10 mpaka 15. Jelo wopsa amaoneka wokwinyika ndipo amasuntha akamukankha pang'ono ndi kamtengo kosalala. Akakanirira, ndiye kuti nthawi sinakwane: akulungenso mphindi 5, osati kupala mwamphamvu. Pomaliza asambe m'manja ndi kupaka mafuta. Ndi bwino kuyamba dzanja limodzi kuti linalo lizigwira ntchito.

Tione kuti kukulunga kumaposa kuviika zala zonse m'mbale ya asetoni, chifukwa khungu lokhudzidwa ndi lochepa. Tionenso kuti mankhwala opanda asetoni akanamutayitsa nthawi pachabe, ndipo mapeto ake akanamatula ndithu.

Kakhungu ka m'tsinde

Kakhungu kameneka, kamene m'masaluni amati kyutiko, kamamata mpata wa pakati pa khungu ndi chikhadabo kuti madzi ndi tizilombo zisalowe kumene chikhadabo chimamerera. Kakadulidwa, mpata umatseguka. Khungu la m'mbali limatupa, limatentha, limapweteka, ndipo nthawi zina limachita mafinya. Amene amakhalitsa manja m'madzi, monga pochapa ndi potsuka mbale, ndiwo amavutika kwambiri. Kutupa kukapitirira kapena mafinya akaoneka, pitani kuchipatala, makamaka ngati muli ndi matenda a shuga. Chikhadabo chikasanduka chobiriwira pansi pa jelo wotukuka, ndi chizindikiro chakuti mabakiteriya aswana m'chinyontho. Chotsani jeloyo ndipo musapakenso mpaka pachire.

Pakati pa ulendo wina wa kusaluni ndi unzake, ntchito yake ndi yochepa. Mukatha kusamba, kakhungu kali kofewa, kakankheni pang'ono ndi thawulo, kamodzi pa mlungu. Usiku pakani vaselini kapena mafuta ena m'tsinde mwa chikhadabo chilichonse, zala zikadali ndi chinyezi, poti vaselini amasunga madzi amene alipo kale. Kakhungu kosendeka m'mbali kaduleni ndi chowengera choyera, osati kukoka. Ena amati zikhadabo zimafunika kupuma mpweya, koma chakudya ndi mpweya zimafika kumene chikhadabo chimamerera kudzera m'magazi. Phindu lokhala mlungu umodzi kapena iwiri osapaka kanthu ndi lakuti zimapumula ku mankhwala ndi ku fayilo, komanso mwini wake amaona msanga ngati mtundu wake wasintha.

Mathero

M'nkhaniyi taona kuti asetoni ndi mankhwala opanda asetoni onse amaumitsa, ndipo kusiyana kwawo kuli pa liwiro. Wosankha bwino amayamba wafunsa kuti pa chikhadabo pali chiyani: kyutekisi wamba, jelo, kapena chikhadabo choikirira. Akatero amalola mankhwalawo kugwira ntchito yawo popanda kukhula kapena kumatula, ndipo kakhungu kamene kanapatsa kyutekisi dzina amakasiya pamalo pake.