Kupempha masiku owonjezera kwa mphunzitsi wa ku yunivesite pa imelo

Masiku ano munthu atha kukhala pa Kamwendo, m'mbali mwa msewu wa M12 wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji, koma n'kumaphunzira ku yunivesite. Sukulu monga LUANAR ndi Mzuzu University zili ndi maphunziro a chapatali. Wophunzira amapita kusukuluko kwa milungu yochepa, kenako amabwerera kumudzi kukawerenga payekha ndi kulemba ntchito imene wapatsidwa. Ntchito imeneyi ophunzira amaitchula kuti asayimenti. Asayimenti iliyonse imakhala ndi tsiku lomaliza kupereka, ndipo malikisi ake amaphatikizidwa ndi a mayeso. Aphunzitsi ambiri amachotsa malikisi ntchito ikafika mochedwa. Ena sailandira n'komwe.

Nanga kukagwa matenda kapena maliro, wophunzira atani? Apemphe masiku owonjezera. Popeza mphunzitsi ali kutali, pempholi limapita pa imelo. Imelo ndi kalata yoyenda pa intaneti, yolembedwa pa foni kapena pa kompyuta. M'phunziro lino tiona kalata imodzi yolembedwa molakwika, ndipo tiikonza pamodzi.

Tiyerekeze kuti pali mayi wina wa pa Kamwendo amene akuphunzira zaulimi chapatali. Wapatsidwa asayimenti yachiwiri, yonena za kasamalidwe ka nthaka, yoti apereke Lachisanu pa 14 Malichi. Loweruka pa 8 Malichi mwana wake wadwala malungo aakulu, ndipo wagonekedwa pa chipatala cha boma ku Mchinji. Mayiyo wadikirira matenda mpaka Lachitatu pa 12 Malichi. Ntchito ija walemba theka lokha. Atafika kunyumba, watenga foni n'kulemba chonchi:

"Bwana, ine sindinamalize asayimenti ija chifukwa cha mavuto ena. Ndipatseni nthawi. Ndituma posachedwa. Mundiyankhe msanga."

Mayiyu sananame, ndipo vuto lake ndi lomveka. Koma taganizani kuti inu ndinu mphunzitsi amene mwalandira kalatayi. Muli ndi makalasi angapo, ndipo kalasi iliyonse ili ndi anthu ambirimbiri. "Ine" ameneyu ndani? Asayimenti "ija" ndi iti, ya kosi iti? "Mavuto ena" ndi otani? "Posachedwa" ndi mawa, kapena mwezi wamawa? Mphunzitsi sangavomere chinthu chimene sakuchidziwa. Ayenera kulembanso kalata yofunsa zonsezi, ndipo podikira yankho tsiku lomaliza lija likhala litadutsa. Komanso mawu akuti "ndipatseni" ndi "mundiyankhe msanga" akumveka ngati lamulo, pomwe mwini wake akupempha.

Tiyambe kukonza kuchokera pamwamba. Mukatsegula imelo yatsopano mumaona mizere iwiri yofunika. Woyamba walembedwa kuti To. Apa mumalemba adiresi ya mphunzitsi. Adiresi ya imelo imakhala ndi chizindikiro ichi @ pakati, ndipo ya ku yunivesite za ku Malawi kawirikawiri imathera ndi .ac.mw. Ikopereni mosamala kuchokera pa pepala la ndondomeko ya kosi limene munalandira poyamba. Chilembo chimodzi chikalakwika, kalata siifika. Mzere wachiwiri walembedwa kuti Subject. Uwu ndi mutu wa kalata. Mayi uja anausiya wopanda kanthu, ndipo kalata yopanda mutu imatayika mosavuta pakati pa makalata ena. Mutu wabwino umatchula chimene mukufuna, kosi yake, ndi ntchito yake, mu mzere umodzi.

Kenako malonje. "Bwana" ndi ulemu wa pamsika ndi m'basi, koma m'kalata ya kusukulu mphunzitsi timamutchula ndi udindo wake ndi dzina la bambo ake. Ngati pa ndondomeko ya kosi palembedwa Dr. kapena Prof., inunso lembani chomwecho. Dokotala ameneyu si wa kuchipatala ayi, ndi munthu amene anafika pa digiri yapamwamba. Onetsetsani kalembedwe ka dzinalo. Mukatero dziwonetseni nokha: dzina lanu lonse, nambala yanu ya kusukulu, chaka chimene muli, ndi kosi.

Tsopano tafika pa chifukwa, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya. Ena amabisa zonse, monga anachitira mayi uja. Ena amakhuthula zonse: mmene mwana anayambira kutentha thupi, mmene anasowera kabaza usiku, zimene ananena apongozi. Mphunzitsi safuna mbiri yonseyo. Akufuna adziwe chimene chinachitika ndi masiku amene chinakudyerani. Ziganizo ziwiri zikwanira. Masikuwo ndiwo amapatsa pempho lanu mphamvu, chifukwa munthu amene wataya masiku asanu kuchipatala akapempha masiku asanu, aliyense amaona kuti n'zoyenera. Akapempha mwezi wathunthu, mphunzitsi ayamba kukayika.

Nenaninso pamene mwafika ndi ntchitoyo. Ichi ndimachiona chofunika kwambiri, ngakhale ambiri amachiiwala. Mphunzitsi akamva kuti masamba atatu mwa asanu ndi limodzi alembedwa kale, amadziwa kuti simunayambe dzulo. Ndipo musanamepo, chifukwa atha kunena kuti mutumize zimene mwalembazo lero lomwe.

Pomaliza tchulani tsiku lenileni limene mudzapereke ntchitoyo. Musasankhe tsiku longosangalatsa mphunzitsi. Werengani bwino masiku amene mungakwanitse, poganizira kuti magetsi atha kuzima ndipo netiweki itha kuvuta. Kupempha kachiwiri kumakhala kovuta kuposa koyamba.

Nayi kalata ija itakonzedwa. Pamene palembedwa kuti Uje, inu muikepo dzina loyenera.

"Mutu: Pempho la masiku owonjezera, Asayimenti 2, Kasamalidwe ka Nthaka

Wolemekezeka Dr. Uje,

Ine ndine Uje Uje, nambala yanga ya kusukulu ndi yakutiyakuti. Ndili m'chaka chachiwiri cha maphunziro a chapatali, ndipo ndikuphunzira kosi yanu ya Kasamalidwe ka Nthaka.

Ndikupempha ngati mungandilole kupereka Asayimenti 2 Lachitatu pa 19 Malichi, m'malo mwa Lachisanu pa 14 Malichi. Mwana wanga anagonekedwa pa chipatala cha boma ku Mchinji kuyambira pa 8 mpaka pa 12 Malichi, ndipo ine ndi amene ndimamudikirira. Ndatumiza limodzi ndi kalatayi chithunzi cha tsamba la buku la kuchipatala losonyeza masikuwa.

Ndalemba kale masamba atatu mwa asanu ndi limodzi. Ngati mungafune, nditha kutumiza amenewa lero. Ngati pali njira ina imene sukulu imafuna kuti nditsate popempha, chonde ndiuzeni ndipo nditsatira.

Zikomo kwambiri chifukwa cha nthawi yanu.

Ine wophunzira wanu,
Uje Uje"

Taonani kuti pempho labwera koyambirira, chifukwa chake n'kubwera pambuyo. Kwathu kuno tikapita kukapempha kanthu kwa a mfumu timayamba ndi malonje aatali, nkhani yeniyeni n'kubwera kumapeto. M'kalata ya mtundu uwu n'zosiyana. Mphunzitsi mwina akuwerenga pa foni ali pakati pa makalasi awiri, ndiye mumuthandize kupeza msanga chimene mukufuna. Kumeneko ndiko kumulemekeza. Taonaninso kuti mulibe mawu odzichepetsa mopitirira muyeso, monga kunena kuti ndagwira mwendo wanu kapena mukandikana ndafa ine. Mawu akuti "ndikupempha ngati mungandilole" akwanira, chifukwa akusiya chiweruzo m'manja mwa mwini wake.

Ku yunivesite za ku Malawi amaphunzitsa m'Chingerezi, choncho kalata yeniyeni nthawi zambiri imapita m'Chingerezi. Zimenezi zisakuopseni. Yambani mwailemba m'kope m'Chichewa, kuti mfundo zonse zikhalemo, kenako muitembenuze. Chingerezi chosavuta chokhala ndi dzina, chifukwa ndi tsiku chimagwira ntchito kuposa Chingerezi chapamwamba chopanda zimenezi. Pewani kalembedwe kachidule ka pa WhatsApp ndi tizithunzi ta nkhope zoseka kapena zolira.

Za umboni, tisamale. Buku la kuchipatala lili ndi zinsinsi za mwana wanu. Jambulani tsamba lokhalo limene likusonyeza tsiku logonekedwa ndi tsiku lotuluka, zina zonse muphimbe ndi pepala. Jambulani pa kuwala kuti manambala aoneke. Poika chithunzicho m'kalata, dinani kachizindikiro kooneka ngati kawaya kopanira mapepala, kamene kamatchedwa Attach, ndipo dikirani mpaka dzina la chithunzicho litaoneka pansi pa kalata. Ambiri amalemba kuti "ndatumiza chithunzi" koma osachiikamo.

Mukadina Send, ntchito siinathe. Tsegulani malo olembedwa kuti Sent. Kalata yanu ikakhala mmenemo, ndiye kuti yachoka. Ikakhala mu Outbox, ikudikirabe netiweki, kapena bandulo yatha. Ikakhala mu Drafts, simunaitumize n'komwe. Mukalandira uthenga wa makina wonena kuti kalata yabwerera, onaninso adiresi ija chilembo ndi chilembo.

Nthawi yotumizira ndi yofunika ngati mawu omwe. Mayi uja watuluka m'chipatala pa 12 Malichi, ndiye alembe madzulo omwewo kapena m'mawa wa pa 13, tsiku lomaliza lisanafike. Akanatha kulemba ali kuchipatala komweko zikanakhala bwino koposa. Kalata yofika pa 15 Malichi sikhalanso pempho, imakhala kupepesa, ndipo mphunzitsi amavutika kuivomera chifukwa ophunzira ena onse anasunga tsikulo.

Dziwaninso kuti kukhala chete kwa mphunzitsi si kuvomera. Pitirizani kulemba ntchito ija pamene mukudikira. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri a ntchito popanda yankho, tsegulani kalata yomwe ija mu Sent, dinani Reply, n'kulemba mzere umodzi wokumbutsa mwaulemu. Tsiku lomaliza likafika yankho lisanabwere, ndi bwino kupereka zimene mwalemba kusiyana ndi kusapereka kanthu, n'kufotokoza kuti zotsalazo zili m'njira. Akakana, thokozani ndipo funsani ngati angalandire ntchitoyo mochedwa atachotsako malikisi. Akavomera, yankhani mobwereza tsiku limene mwagwirizana, ndipo kalata imeneyo musaifufute. Vuto likakhala lalikulu, loti muphonya mayeso kapena milungu yambiri, nkhaniyo yaposa mphunzitsi mmodzi. Imeneyo imapita kwa mkulu wa dipatimenti kapena ku ofesi ya kalembera wa sukulu.

Mafunso okambirana

Kodi kalata yoyamba ya mayi uja inasowa zinthu ziti? N'chifukwa chiyani anapempha masiku asanu, osati mwezi? Mungadziwe bwanji kuti imelo yanu yachoka pa foni?

Ntchito

Tiyerekeze kuti kwanu kwagwa maliro, ndipo mwakhala kumeneko kuyambira Lolemba mpaka Lachitatu. Asayimenti ikufunika Lachisanu. Lembani m'kope mwanu kalata yopempha masiku owonjezera. Mukamaliza, patsani mnzanu awerenge kamodzi kokha, kenako atseke kopelo n'kukuuzani dzina la wolemba, ntchito imene akunena, chifukwa chake, ndi tsiku limene adzapereke. Chimene walephera kutchula, bwererani mukachikonze.