Kachilembo Kamodzi Kamene Kanatembenuza Kalata

Mng'ono wanga anakulira m'misika ya Lizulu ndi Tsangano. Kuyambira ali ku sekondale ankathandiza malume kulemba matumba a mbatatesi m'kope, kuwerengera ndalama ndi kulipira alimi. Atakhoza MSCE anamva kuti kampani ina yogula mbewu ikufuna kalaliki pa boma la Ntcheu, ndipo analemba kalata yofunsira ntchito m'Chingerezi. Anadikira mwezi wathunthu, koma sanamuitane. Tsiku lina anandionetsa kalata imene anasunga. Nditafika pa mzere uwu mtima unandiwawa:

"I have little experience in keeping records, and few farmers can recommend me."

Iye ankafuna kunena kuti ntchito yolemba m'mabuku akuidziwako ndithu, ndiponso kuti alipo alimi angapo amene angamuchitire umboni. Koma zimene analemba zikutanthauza kuti ntchitoyo saidziwa kwenikweni, ndipo alimi omuvomereza ngosowa. Anadzinenera yekha zoipa, nasainira pansi. Chimene chinasowa pa mzerewu ndi chilembo chimodzi, "a", m'malo awiri. "A little" ndi "a few" amanena kuti chilipo ndithu ngakhale n'chochepa, pamene "little" ndi "few" opanda "a" amadandaula kuti n'chochepa moti sichikwanira. Wowerenga amene ali ndi mulu wa makalata patebulo sakufunsa zimene unali kuganiza. Amatenga zimene walemba.

Kodi ukuganiza kuti iwe sungagwe m'mbuna yomweyi? Mng'ono wanga anaiwerenga kalatayo katatu asanaitumize, osaona cholakwika. Vuto lake n'loti khutu lathu silimva kuti pasowa kanthu. M'Chichewa ukati "ndagula mbuzi", chiganizo chatha, palibe kamawu kofunika patsogolo pa mbuzi. Tikamalemba Chingerezi timaganiza m'Chichewa, ndiye timawu "a", "an" ndi "the" timangotsalira m'njira ife osadziwa.

Komatu nzeru ya timawu timeneti tili nayo kale, kungoti ife timaiika kumbuyo kwa dzina. Ukati "ndaona galimoto ina pa Biriwiri", womvayo saidziwa galimotoyo, ndipo apa Chingerezi chimafuna "a car". Ukati "galimoto ija yafika", nonse mukuidziwa, ndipo apa ndi "the car". Choncho ukakayika, bwezera chiganizo m'Chichewa n'kuyesa kuika "ija" kapena "uja". Zikamveka bwino, lemba "the". Ngati pakulowa "ina" kapena "iliyonse", lemba "a". Taona mmene ntchito ingawonongekere: bwana akakulembera kuti "bring a receipt book", buku lililonse la malisiti lichita, koma akati "bring the receipt book" akunena lija mukulidziwa nonse, ndipo ukabweretsa lina wayenda ulendo wachabe.

Muyeso umenewu uli ndi malire ake, ndipo uwadziwe. Zinthu zimene Chingerezi sichiwerenga chimodzichimodzi, monga "advice", "information" ndi "equipment", sizilandira "a" kapena "an", ngakhale m'Chichewa tinganene kuti "langizo lina". Palinso malo amene "the" amasintha nkhani yonse. "He went to prison" ndiye kuti munthuyo anamangidwa, pamene "he went to the prison" ndiye kuti anapita kumaloko, mwina kukaona m'bale kapena kukalalikira. Kodi ungakonde kulembera abusa ako chiganizo choyambacho mu lipoti la mpingo?

Zizindikiro zoti uli pangozi n'zoonekeratu. Ngati walemba ndime yonse osapezamo "a" kapena "the", ima kaye. Ngati umalemba "I am teacher" kapena "she is nurse", dziwa kuti dzina la chinthu chimodzi chowerengeka siliima lokha m'Chingerezi, limafuna kamawu patsogolo. Ngati unadzudzulidwapo ndiye tsopano umangowaza "the" paliponse ngati mchere, mpaka kulemba "the Lake Malawi" kapena "the Ntcheu", matenda ndi omwewo, angosintha nkhope. Ndipo posankha "a" kapena "an" usayang'ane chilembo, mvera katchulidwe: timati "an MSCE certificate" chifukwa M amatchulidwa "em", koma "a university" chifukwa mawuwo amayamba ngati "yu".

Usiku wa tsiku limene mng'ono wanga anandionetsa kalata ija, tinakhala pansi ndi cholembera chofiira. Ndinamuuza kuti adule mzere pansi pa dzina lililonse m'kalatamo, ndipo pa lililonse afunse mafunso awiri: kodi chinthuchi chimawerengeka, nanga wowerenga akuchidziwa kale? Sizinatitengere nthawi yaitali, koma tinapeza malo 7 osowa kamawu m'tsamba limodzi. Iwenso kalata yako isanatuluke m'manja, ichitire zomwezo, ndipo ukafika pa "few" kapena "little", dzifunse ngati ukudzichitira umboni kapena ukudzineneza.