Msuzi wa Mazira wa ku Roma

Anthu a mu mzinda wa Roma, ku Italiya, ali ndi chakudya chimene amachitcha kabonara. Chakudyachi ndi supageti wothiridwa msuzi wa mazira, tchizi wa mkaka wa nkhosa, nyama ya tsaya la nkhumba yoikidwa mchere, ndi tsabola wakuda. Luso lake lagona pa chinthu chimodzi, ndicho kuti mazirawo akhale msuzi wosalala, asaundane ngati okazinga.

Tiyambe tadziwa khalidwe la dzira. Chachikasu cha m'kati mwa dzira chimayamba kulimba kutentha kukafika pa madigiri 65, ndipo kukapitirira 70 dzira limaundana msanga. Koma madzi amawira pa madigiri 100, ndipo chiwaya chili pa moto chimatentha koposa apo. Tsono taonani, anzanga, kuti wothira mazira m'chiwaya chili pa moto waononga kale msuzi wake.

Nayi njira yophikira anthu awiri. Tengani magalamu 200 a supageti, dzira limodzi lathunthu, zachikasu za mazira ena awiri, magalamu 50 a tchizi wopala bwino, ndi magalamu 80 a nyama. Menyani mazira pamodzi ndi tchizi ndi tsabola m'mbale. Kazingani nyama yoduladula pa moto wochepa kufikira itatulutsa mafuta, pamenepo n'kuti supageti akuwira m'madzi a mchere.

Supageti akapsa, musataye madzi ake onse; sungani kapu imodzi. Ikani supageti m'chiwaya cha nyama, phulani chiwayacho, ndipo dikirani pafupifupi mphindi imodzi. Khutu lidzakuuzani nthawi, pakuti mafuta akali kulira ndiye kuti chiwaya chikali chotentha kwambiri. Podikirapo thirani masupuni awiri a madzi otentha aja m'mazira, pang'onopang'ono, mukumenya. Potero mazira afunda osadzidzimuka. Komanso madziwo ali ndi ufa wosungunuka wochokera ku supageti, umene umathandiza kuti dzira lisagwirane msanga.

Tsopano thirani mazira pa supageti ndi kutakasa osaleka, pakuti dzira lokhala malo amodzi pansi pa chiwaya ndilo limayamba kupsa. Kutentha kwa supageti ndiko kudzaphika msuziwo. Wapsa bwino ukamanyezimira ndi kumatirira pa supageti. Ukalimba kwambiri, onjezani supuni ya madzi aja. Ukakhala wamadzimadzi, ikani chiwaya pamwamba pa nthunzi ya mphika kanthawi kochepa, mukutakasabe.

Mukaona timibulu tachikasu m'mbali mwa chiwaya, khuthulirani zonse m'mbale yozizira nthawi yomweyo, kuti mupulumutse chotsalacho. Dzira limene laundana silibwereranso, ngakhale mutatakasa motani. N'chifukwa chake kuli bwino kuperewera moto, pakuti msuzi wamadzimadzi ungathe kukonzedwa. Perekani chakudyacho mwamsanga, popeza msuziwu umalimba ukamazizira.